Matabwa a Ellina

Malata amachita thukuta. Amene sanagonepo m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'miyezi yozizira angatsutse, koma akatsutsire kwawo. Mpweya wonse umene anthu apuma m'nyumbamo umakagwira kunsi kwa lata lozizira n'kusanduka madzi, ndiye kukamacha amayamba: tho! tho! pabulangete, pamphumi, m'kapu ya tiyi. Wathanzi amangotukwana n'kudzuka. Koma Ellina, mkazi wa Mikaele kalipentala, sakanatha kudzuka, chifukwa chifuwa chinali chitamugoneka kuyambira m'dzinja.

Nyumbayo Mikaele anamanga yekha pamudzi pa mkazi wake, cha ku Mauwa, poti anali mkamwini ngati amuna ambiri kuno. Malata ake anali ogwirapo kale ntchito, ogula ku Limbe pamene ankagwetsa nyumba ina yosungira katundu, ndipo mabowo a misomali yakale anawamata ndi phula. Tsiku lofolera anthu anabwera kudzaona, akazi akuombera Ellina m'manja kuti walemera. Palibe amene anaganiza za thukuta tsiku limenelo.

Apongozi ake, a Nabanda, ankakhala kumtunda kwa bwalo lomwelo m'nyumba ya udzu. Mayiwa anali ataika kale ana awo awiri m'manda chifukwa cha chifuwa ngati chomwechi, m'zaka zomwe maliro anali ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo mtima wawo unali utasanduka chilonda. M'mawa wina analowa ndi phala, anagwira bulangete la mwana wawo, napeza lanyowa. Sanayang'ane mkamwiniyo, poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Analankhula akuyang'ana khoma.

"Udzu wanga sudontha opanda mvula. Kuzizira kukafika zinthu zili chonchi, mwana wanga ndimutenga."

Kwa ena mawuwa ndi aang'ono, nanga si nyumba ya apongoziyo ili pomwepo, poti munthu atha kuitana n'kumveka? Koma mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi ake. Ellina akanapita kumeneko, ndiye kuti Mikaele sakanamutembenuzanso, sakanamumwetsanso mankhwala a kuchipatala, sakanamusisitanso msana chifuwa chikamugwira. Akanangokhala panja ngati mlendo, n'kumafunsa kuti wodwala wadzuka bwanji. Zimenezo ndi zimene ankaziopa kuposa china chilichonse.

A Nabanda atatuluka, Ellina anaseka pang'ono, kuseka kwake kothera m'kutsokomola.

"Bambo a Chisoni, kalipentala wathunthu, mkazi wanu kugona pamvula!"

Ankaitanana choncho ngakhale Chisoni, mwana wawo yekhayo, anamwalira asanayambe kuyenda. Kabokosi ka mwanayo anakhoma ndi Mikaele yemwe, ndipo kuyambira pamenepo anakana kukhomanso bokosi la maliro. Anzake onse kuyambira ku Njuli mpaka ku Limbe anali atasiya mipando n'kuyamba mabokosi, poti ndi momwe munali ndalama, koma iye anatsalira pa zitseko ndi mabenchi a kutchalitchi. N'chifukwa chake anali wosauka, tinene zoona.

"Ndikuikira siling'i," anatero Mikaele.

"Yotani? Ine ndiye ndiziyang'ana tsiku lonse, ndisankhe ndekha."

Mikaele anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kumuuza, manja akulankhula nawo. Anati ilipo ya jipisamu, mabolodi oyera aja a m'maofesi, choko choumbidwa pakati pa mapepala awiri. Ndi yosalala, moto siikonda, ndipo mtengo wake ndi wofikirika pang'ono. Koma imamwa madzi. Ikanyowa imachita mawanga, imafewa, imachita mimba, kenako mitu ya misomali imatulukira kuseri bolodi n'kugwa. M'maofesimo imakhalitsa chifukwa malata ake ndi atsopano ndipo kunsi kwake amayala pepala lonyezimira lija lotchinga thukuta.

"Ya mimba ayi," anatero Ellina. "Ina?"

"Yafika ina ya pulasitiki, ndinaiona ku Blantyre. Ndi timatabwa topepuka, wina amalowa m'mlomo mwa mnzake, iwe kumangokhomera pamlomopo. Imeneyo madzi siidziwana nawo, chiswenso chimaidutsa. Koma imabisa. Denga likamadontha, madzi amangoyenda pamwamba pake kukatsikira kukhoma, mitanda n'kumaola iwe osadziwa. Ndiye pansi pa malata otentha imalendewera ukatalikitsa mitanda, ndipo mbaula kapena koloboyi zikayandikira imasungunuka. Mtengo wakenso, mayi a Chisoni, tigulitse mbuzi zonse ndi khola lomwe."

"Ndiye mwatsala ndi matabwa anu omwewo. Ndinadziwa!"

Mikaele anaseka, poti anagwidwa. Anati thabwa la paini likanyowa limafufuma, dzuwa likatentha malata limauma n'kubwerera, silisungunuka ngati choko. Kumwamba kwake ukapaka mafuta oteteza chiswe, kunsi vanishi, m'mbali mwa khoma n'kusiya kampata koti lizipumira, likhoza kumwa thukuta la malata zaka ndi zaka. Opalapala kale a m'sitolo ndi odula koopsa, koma aiwisi a kwa ocheka ndi otchipa. Vuto lake n'lakuti aiwisi sakhomedwa. Ukawakhoma asanaume amanyala ali pamwamba pomwepo, n'kusiya ming'alu yoti makoswe azikusuzumira. Ayenera kuuma kaye pamthunzi, kenako iye awapale yekha, aboole kangalande mbali ina, asiye lilime mbali inayo, kuti azilumana.

"Msomali ndimaubisa pa lilime, thabwa lotsatira n'kuuphimba. Ukayang'ana kumwamba suona mutu wa msomali ndi umodzi womwe."

"Ndikufuna imeneyo," anatero Ellina. "Izinunkhira paini. Fungo la mankhwala landikwana."

Mikaele anagulitsa mbuzi, napita ku Njuli komwe lole ya matabwa ochokera ku Zomba inkaima, nabwera nawo panjinga maulendo angapo. Kuchisakasa chake chogwirira ntchito ku Mauwa sakanawasiya, poti masiku amenewo thabwa losiyidwa poyera silinkafika mawa. Anawasanja pakhonde pa nyumba yake, timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, miyala pamwamba kuti asapindike. Ankasiya chitseko chotsegula kuti fungo lizimufika Ellina.

Inu, kalipentala ameneyu nzeru za matabwa anali nazo zodzadza mutu, koma za anthu analibe. Matabwa atsopano, oyera, osanjidwa pakhonde pa nyumba imene muli munthu wodwala chifuwa! Akazi opita kumjigo ankachepetsa liwiro akafika pamenepo, n'kugwira pakamwa. Wina anafunsa mnzake ngati adokotala amuuza kale mwamunayo. Wina anati kalipentala amayeza ndi maso, mkazi wake anamuyeza kale. Pofika Lamulungu, amayi a m'limana, kagulu kawo ka kutchalitchi, anabwera kudzapemphera kolona ndi nkhope zoti akudzatsanzika.

A Nabanda anatumiza uthenga ku Limbe, ndipo Loweruka lotsatira kunafika Alufeyo, mchimwene wake wamkulu wa Ellina, amene anali mlonda pasitolo ina ya zipangizo zomangira. Malume awo anali atamwalira, ndiye mwinimbumba anali iyeyo. Sanalonjere. Anaima patsogolo pa khonde akuloza matabwa aja.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi matabwa a siling'i, alamu. Akuuma."

"Akuuma kudikira ndani? Mlongo wanga akupuma m'nyumbamu, inu mwayamba kale kumukonzera bokosi pakhomo pake? Mwatopa naye? Ngati mwatopa nenani, njira ya kwanu mukuidziwa."

Zoterezi kumunenera Mikaele! Iye, amene anakana ndalama za mabokosi zaka zonsezi! Anatenga thabwa limodzi kuti aonetse kupyapyala kwake, koma a Nabanda anakuwa kuti alibweze pansi. Kuchokera m'chipinda munamveka mawu a Ellina, ang'onoang'ono.

"Achimwene, ndi matabwa anga amenewo. Ndinasankha ndekha."

Pamenepo ndiye zinaipiratu. A Nabanda anagwa pansi n'kuyamba kulira ngati maliro achitika kale. "Mwamva? Akuti matabwa ake! Wamuphunzitsa kuitana imfa ndi pakamwa pake!" Ellina anayesa kufotokoza, koma chifuwa chinamugwira, ndipo palibe amene anamvanso za lilime ndi kangalande.

Mkamwini alibe mawu pabwalo la eni ake. Tsiku lomwelo Mikaele anasenza matabwa aja kuwachotsa pamudzi, anthu akumuyang'ana, n'kukawasungitsa m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya Denis, mnzake telala wa ku Mauwa. Ankayenda mutu uli pansi, manyazi akumuotcha makutu ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba.

Alufeyo sanali munthu woipa, musamuweruze. Mlongo wake ankamukonda, ndipo mkwiyo utatsika anaona yekha kuti bulangete linali lonyowadi. Patapita masiku anabweranso, ali ndi mabolodi a jipisamu pagalimoto ya matola. Abwana ake anamugulitsa motchipa chifukwa ena anali obenthuka m'makona. Anati ya pulasitiki anaifunsa, koma ndalama zimene anali nazo zikanangokwana theka la chipinda.

"Iyi ndi yoyera," anatero. "Munthu akaiona saganiza za manda."

"Imamwa madzi, alamu. Malata athuwa ndi akale."

"Kusitolo kwathu ilipo chimangire nyumbayo, sinagwepo. Mukhoma kapena ndikaitane wina?"

Mikaele anakhoma. Akanatani, kuzizira kuli pakhomo ndipo apongozi akudikira? Anasamutsira Ellina pabalaza, nakhoma mitanda yopingasa motalikirana mkono umodzi, mothithikana bwino kuti bolodi lisapeze polendewerera. Mabolodiwo ndi olemera, munthu mmodzi sangawakweze, ndiye Alufeyo ankagwirizira ndi mutu ndi manja pamene mlamu wake ankakhoma misomali ya mitu yophwatalala, pang'onopang'ono, kuti mutu ugone papepala osaling'amba. Anagwira ntchito tsiku lonse osalankhulana kupatula kuti "kwezani" ndi "gwirani". Asanatseke bolodi lomaliza, Mikaele anakwera n'kuyala mapepala a m'matumba a feteleza pamwamba pa mabolodi a kumene kuli bedi, poganiza kuti madontho azigwera pamenepo n'kuuma masana. Anaphimba molumikizira ndi timizere ta matabwa, napaka penti yoyera.

Ellina atabwerera m'chipinda anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Ngati kuchipatala," anatero. Kenako anaona nkhope ya mwamuna wake, nawonjezera msanga: "Koma njokongola. Mwakhoma bwino, bambo a Chisoni."

Ndipo kwa kanthawi zinayenda. Bulangete linkacha louma. M'chipinda munkafunda, ndipo phokoso la akhwangwala oyenda padenga linachepa. A Nabanda ankabwera ndi phala, kugwira bulangete, n'kutuluka osanena kanthu, zimene kwa iwo kunali kuyamikira. Amenewo ndi masiku amene Mikaele amawakumbukira mpaka lero. Ankabwera msanga kuchokera ku Mauwa, kutenthetsa madzi, kumusambitsa mkazi wake m'chipinda momwemo nthunzi ili tolotolo, kumupesa tsitsi, n'kumuuza mabodza onse a pamsika. Chimene sankamuuza n'chakuti masana aliwonse ankapatukira kwa Denis kukatembenuza matabwa aja, ndipo atauma anayamba kuwapala limodzilimodzi. Sankadziwa chifukwa chake. Manja ankangofuna.

Kenako kunabwera chiperoni. Phiri la Chiradzulu linasowa mu nkhungu, mvula yowaza ija yosamveka padenga inagwa osalekeza, dzuwa osaoneka. Phula la m'mabowo akale linali litang'ambika ndi kutentha kwa chilimwe chapita, ndipo madzi anayamba kulowa, kutsetsereka ndi phaso, n'kudontha pamodzi ndi thukuta la malata. Masana kunalibe kutentha koti kuumitse kanthu. Mapepala a feteleza aja, m'malo moteteza, anasonkhanitsa madziwo n'kukhala chithaphwi, ndipo polumikizana mapepalawo madzi anapeza njira n'kulowa pansi pake. Bolodi linanyowa, ndipo pepala lapamwambalo linaliletsa kuuma.

Woyamba kuona anali Ellina, poti ndi amene ankayang'ana kumwamba tsiku lonse.

"Kwabwera mlendo," anatero, akuloza banga lachikasu cha kumiyendo kwa bedi. "Dzulo anali ngati dzira. Lero wamera makutu."

Mikaele anapaka penti m'mawa apongozi asanabwere. Banga linatulukanso, lalikulu, m'mphepete mwake muli timadontho takuda ta chuku. Anakwera padenga mvula ikuwaza kuti amate mabowo, koma phula siligwira palata lonyowa. Anaganiza zochotsa bolodilo, koma kuchotsa kukanatanthauza kuuza a Nabanda kuti nyumba ikudontha. Anati adikire dzuwa, mwina mawa kucha bwino. Anakokera bedi kumbali momwe chipinda chinalolera, koma chipindacho chinali chaching'ono.

M'mawa umenewo a Nabanda anafika msanga ndi beseni la madzi otentha. Mikaele anayang'ana kumwamba naona kuti bolodi lachita mimba yeniyeni, ndipo mozungulira misomali mwachita timaenje. Anathamangira panja kukafuna mtengo wogwiriziza. Ali kuseri kwa nyumba anamva phuu! kenako kukuwa.

Bolodi linasiya misomali yake yonse ili m'mitanda, linangodutsa m'mitu yake ngati phala. Linagwera kumiyendo kwa bedi, ndipo chithaphwi chonse cha madzi ozizira, akuda ndi fumbi ndi ndowe za makoswe, chinakhuthukira pa Ellina. Sanavulale. Anali gone m'zidutswa za choko chonyowa, akunjenjemera, mano akuombana, maso ali pa bowo lakuda lomwe munkaonekera malata.

A Nabanda sanatukwane. Bwenzi zili bwino akanatukwana. Anamuvula mwana wawo zonyowazo, namukulunga m'nsalu yawo, nagwada, namubereka kumbuyo. Mayi wachikulire kubereka mayi wapabanja, ndipo sanavutike n'komwe, poti Ellina anali atatha. Mikaele anatambasula manja kuti athandize.

"Patukani," anatero a Nabanda, akuyang'ana chitseko.

Anapatuka. Anawaona akukwera bwalo mu nkhungu muja mpaka analowa m'nyumba ya udzu, chitseko n'kutsekeka. Anabwerera m'chipinda nakhala pabedi lonyowalo, nalira ngati mwana.

Kuyambira tsiku limenelo malo a Mikaele anali kuseri kwa nyumba ya apongozi, pansi pa kawindo kakang'ono kotsekera ndi thabwa. Ankabwera ndi kampando, kugogoda pang'ono, ndipo a Nabanda akakhala kuti apita kumjigo, Ellina ankakankha kathabwako ndi ndodo. Sankaonana nkhope, kawindoko kanali pamwamba. Ankangomvana mawu. Chifuwa chikamugwira mkazi wake, Mikaele ankagwira khoma ndi dzanja, poti msana woti asisite unali kuseri kwake.

Alufeyo anabwera, naona bowo lija, naima nthawi yaitali manja ali m'thumba. Mikaele anamuuza za mapepala a feteleza, osabisa. Palibe amene analoza mnzake chala, onse anali atatopa. Mikaele anapempha kuti tsopano amulole kubweretsa matabwa, poti anali atauma ndipo akanawakhoma msanga. Alufeyo anapita kukalankhula ndi mayi ake, nabwera akupukusa mutu.

"Akuti thabwa lisaponde pabwalo pano mwana wawo akudwala. Musawaumirize, alamu, aika awiri kale. Ndikapeza ya pulasitiki ija. Ndigulitsa njinga. Mwezi ukatha ndibwera nayo, ndipo mlongo wanga abwerera m'nyumba mwake."

Dzuwa litabwerera, Mikaele anamata mabowo onse, nachotsa mabolodi onyowa, nasesa m'chipinda, nayanika matiresi. Anadikira kutha kwa mwezi.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, kathabwa ka pawindo kanatseguka.

"Bambo a Chisoni, matabwa anga aja munagulitsa?"

"Alipo, kwa Denis."

"Auma?"

"Auma. Ndinawapala onse, ndi vanishi ndapaka. Akungodikira iwe."

Atangotero anadziluma lilime, koma Ellina anaseka, kuseka kwenikweni kwa kale.

"Amayi akanakumvani! Mawa mundibweretsere kachidutswa, ndinunkhize. Mubise m'thumba."

Anabweretsa kachidutswa kochepa ngati chikhatho, kali ndi lilime lake ndi kangalande kake, nakapereka pawindo. Zala zawo zinakhudzana. Anamva mkazi wake akukoka mpweya movutikira, kenako akunena kuti, "Eee, ndi yomweyi." Anafunsa kuti msomali umabisala pati, ndipo Mikaele anamuuza kuti apapase pa lilimepo.

Mwezi usanathe, m'mawa wina Mikaele ali kuchisakasa, anamva kulira kuchokera kumudzi. Sanafunse munthu. Anaika chopalira pansi n'kuyamba kuyenda. Mkazi wake anamwalira m'manja mwa mayi ake, pansi pa udzu wouma, iye kulibe. Amayi osambitsa thupi anapeza kachidutswa ka paini m'dzanja lake, ndipo anakapereka kwa a Nabanda.

Akuluakulu atakhala pansi kukambirana za bokosi, panalibe ndalama, poti mbuzi zinathera m'matabwa ndipo Alufeyo anali asanafike. Wina anati akakongole ku Njuli. Pamenepo a Nabanda anatuluka m'nyumba ya siwa, maso atatupa, kachidutswa kaja kali m'manja. Anaima chapatali, chammbali, monga mwa masiku onse.

"Auzeni bambo a Chisoni akatenge matabwa a mwana wanga," anatero. "Anandiuza kuti ndi ake, ine sindinamve."

Mikaele anawatenga kwa Denis masana, panjinga, kudutsa njira yomwe ija ya kumjigo. Anakhomera pakhonde pake pomwe anawasanja poyamba. Matabwa a siling'i ndi opyapyala, ndiye anayamba wapanga chimango ndi mitanda yotsala, pansi n'kuika mizere iwiri yopingasana kuti palimbe. Thabwa lililonse linalowa mwa linzake mosavuta, louma bwino, lopanda mng'alu. Amuna ena anafuna kumuthandiza koma anawakana.

Alufeyo anafika dzuwa litapendeka, wapansi kuchokera pamsewu, atasenza mtolo wautali wa timatabwa ta pulasitiki toyera. Uthenga unamupeza atagula kale, ndipo sanadziwe kokausiya. Anautsitsa pambali pa khonde. Anapita ku siwa kukalira mlongo wake, kenako anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mlamu wake, amene anali kumaliza chivundikiro.

Alufeyo anayang'ana chivundikirocho, kenako anatsokomola.

"Alamu, pepani, koma mwatembenuza. Kosalala kwa vanishiku mwaika m'kati. Anthu aona kokhakhala, kwa mafutaku."

"Aone," anatero Mikaele.

"Nanga mitanda iyi bwanji ili kunja?"

"Mitanda imakhala kumwamba, alamu. Iye aziyang'ana ali m'kati."

Alufeyo anagwada, nasuzumira kunsi kwa chivundikirocho. Matabwa a paini anali atalumana bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, akunyezimira, akununkhira. Anapapasa ndi dzanja, uku ndi uku, ndipo sanapeze mutu wa msomali ndi umodzi womwe. Anaphimba nkhope ndi chipewa chake, mapewa akugwedezeka.

Mikaele anatenga thabwa lomaliza, naliika pa lilime la linzake, naligogoda pang'ono ndi chikhatho mpaka linalowa.

"Gwirani uko, alamu," anatero. "Tikamufolerere."